Kaundula akuti 61, tabuleti ikuti 44: ndawalakwira madala kapena ndanena zoona?

Wa Njinga Yobwereka:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndine mlangizi wa zaumoyo, chaka chachiwiri pa ntchito, ndili dera lina tsidya la kum'mawa kwa Shire. Kiliniki ya m'mudzi timayendetsa awiri ndi bambo ena amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe. Lachiwiri ndi Lachisanu iwo amaona ana n'kumalemba m'kaundula, ine ndimakhala pambali kulowetsa mu tabuleti, mu pulogalamu ya zaumoyo ya iCHIS. Tabuletiyo analandira ndi iwo, pasiwedi ndi yawo, kumaphunziro ake anapita ndi iwo, koma kuigwira saigwira. Amati maso.

Ndiye Lolemba tinali pa msonkhano wa kutha kwa mwezi pachipatala chathu chaching'ono. A siniya anafunsa kuti ana amene tinawayeza malungo mu Okutobala ndi angati. Madala anati 61. Ine nditayang'ana mu tabuleti ndinapeza 44. Ndinangoti, "Bambo, 17 enawo mwawatenga kuti? Manambala a m'mutu masiku ano amagwidwa." Anthu anaseka. Iwo sanayankhe, anangotseka kaundula n'kuika m'chikwama. Kuyambira tsiku limenelo moni amayankha ndi mutu. Dzulo kusikelo anauza amayi kuti, "Pitani kwa a dokotala a foniwo." Lipoti likufunika pofika pa 5 ndipo kaundula andikaniza. Nditani?

Kalaliki wa Manambala:
Palibe chimene walakwa mphwanga. Ine ndimalandira malipoti a mtundu umenewu mwezi ndi mwezi. Ena amadzaza fomu atakhala pansi pa mtengo wa m'bawa tsiku lomaliza, kaundula ali kunyumba. Makina sanama, munthu ndiye amanama. Tsobola wakale sawawa, avomereze basi.

Mayi Siniya:
A Kalaliki, dekhani kaye. Makina sanama inde, koma amanena zokhazo zimene anapatsidwa. Achimwene a njinga, za ulemu tikamba, koma choyamba ndiyankheni izi. Tsiku loyamba la Okutobala zoyezera malungo zinalipo zingati m'bokosi la mankhwala? Munalandira zingati mkati mwa mwezi? Zatsala zingati? Pali mboni yachitatu imene nonse awiri simunaifunse.

Wa Njinga Yobwereka:
Zimenezo ndikuzidziwa chifukwa kokatenga katundu ndimapita ndine. Zinatsala 18 za Seputembala. Ndinabweretsa mabokosi awiri, lililonse 25. Lachisanu lomaliza ndinaona zatsala 5.

Mayi Siniya:
Tiyeni tiwerengere limodzi. 18 kuphatikiza 50 ndi 68. Kuchotsa 5 zotsala, zatuluka m'bokosi ndi 63. Tsopano mundiuze, ana 44 angathe bwanji zoyezera 63? Nambala ya bambowo, 61, yangosiyana ndi bokosi ndi ziwiri zokha, ndipo ziwiri pamwezi n'zosadabwitsa. Choyezera chikapanda kuonetsa mzere wa pa C timataya n'kumubayanso mwanayo, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno zimachitika. Ndiye amene akuyenera kufotokoza kumene kwapita ana 17 si iwo ayi. Ndi tabuleti, komanso amene amaigwira.

Wa Njinga Yobwereka:
Eee. Ziwirizo ndikuzikumbukira, zinatayidwa ine ndikuona. Koma mayi, mwana aliyense amene anabwera ine ndilipo ndinamulowetsa. Ndikulumbira.

Wopuma wa ku Tengani:
"Ine ndilipo." Mawu ake ndi amenewo mwana wanga. Nanga pamene iwe palibe? Ndagwira ntchito imeneyi mpaka kupuma, ndikuuze. Mlangizi wokhala m'mudzi momwemo alibe Lachiwiri ndi Lachisanu. Mayi amagogoda 11 koloko usiku, mwana thupi lili ngati mbaula. Umayatsa tochi, kumuyeza, kudikira mphindi zake, kupereka LA, kulemba m'kaundula, n'kukagona. Tabuleti nthawi imeneyo imakhala kuti?

Wa Njinga Yobwereka:
Imakhala kwa ine. Ndimachita lendi pa tiledingi chifukwa ndi pamene pali potchajira. Kwa iwo kulibe magetsi.

Wopuma wa ku Tengani:
Basitu. Ndiye munthu wadzuka usiku kuthandiza mwana wa eni, m'mawa mwake mnyamata wogona pa tiledingi akumuuza pagulu kuti manambala ndi a m'mutu. Ukanakhala iwe ukanayankha moni?

Wa Sola pa Nchalo:
Vuto apa ndi moto basi. Ndili ndi tisola ting'onoting'ono totchajira tabuleti ndi foni, komanso mapawabanki. Ofuna andipeze kumbali, ndimatumiza pa minibasi mpaka Bangula.

Kalaliki wa Manambala:
Achimwene a sola, anthu akukamba za maliro inu mukutsatsa mandasi.

Koma ndibwerere kwa a Wopuma. Ana a usiku angakwane 17 mwezi umodzi? Ndikukayika. Komanso ngati amaona ana usiku, bwanji m'mawa osamuuza mnyamatayo kuti lowetsa awa? Kubisa kaundula ngati buku la ngongole n'chiyani?

Mayi Siniya:
Apo a Kalaliki mwafunsa bwino, ndipo inenso sindikukhulupirira kuti onse 17 ndi a usiku. Achimwene, mu Okutobala tabuleti inazimapo yokha, batire kutheratu?

Wa Njinga Yobwereka:
Inazima sabata yachiwiri. Magetsi anasowa masiku atatu. Ndinakatchaja pa sola ya ku tchalitchi Lachisanu m'mawa n'kuthamangira nayo kukiliniki.

Mayi Siniya:
Ndimaganiza choncho. Matabuleti ena batire ikatheratu amaiwala tsiku. Ukayatsa pamalo opanda netiweki sipakhala poti ifunse kuti lero ndi pa chani, ndiye imangoyambira tsiku lina lakale. Iwe uli pa changu, amayi ali pamzere padzuwa, suyang'ana pamwamba. Mwana aliyense amene ukulowetsa akulembedwa pa tsiku lolakwikalo. Sanasowe ayi, alimo, koma ukafunsa za Okutobala satuluka chifukwa ali mwezi wina.

Chitani izi. Tengani dzina la mwana mmodzi amene mukukumbukira bwino kuti anabwera Lachisanu limenelo, mumufufuze mu tabuleti, muone tsiku limene lili pa ulendo wake. Kenako lowani ku Settings, pa Date & time, muone ngati potenga tsiku ndi nthawi payokha m'poyatsa. Ndipo chizolowezi chikhale ichi: musanalowetse mwana woyamba, yang'anani tsiku pa tabuleti kaye, monga momwe timaonera kuti muvi wa sikelo uli pa ziro tisanapachike mwana.

Chinanso. Inu a tsidya ilo foni zimakonda kugwira netiweki ya ku Mozambique. Pamwamba zikuoneka ngati netiweki ilipo koma bandulo yanu siigwira ntchito, ndiye mumadina Sync n'kuganiza kuti zapita pamene sizinapite. Muonetsetse kuti zanenadi kuti zatheka.

Namwino wa Usiku:
Ndipo chonde, ndapota nanu, musayerekeze kukonza tabuletiyo podina Clear data kapena kuchotsa pulogalamu n'kuikanso. Kwathu kuno mnyamata wina wodziwa mafoni kwambiri anaona kuti ya amayi ena ikuchedwa kutseguka. Anati bweretsani mayi ndikupepukitsireni. Anapukuta zonse, ntchito ya masabata atatu imene inali isanatumizidwe inapita. Anatipulumutsa ndi kaundula wa amayi omwewo amene ankasekedwa kuti amalemba kawiri. Anakhala masiku awiri akulowetsanso mmodzimmodzi, mnyamata uja akuwerenga maina mokweza ngati wolakwa kusukulu.

Mphunzitsi wa Sitandade 5:
Nkhani imeneyi ili ponseponse. Kwathu ahedi safuna kuona foni m'manja mwa mphunzitsi. Ine ndimasunga mapulani a phunziro mu foni, iwo akuti ukucheza pa WhatsApp. Koma akafuna kutumiza chiwerengero cha ana kwa a PEA, amandiitana m'kalasi, "tabwera unditumizire." Foni imakhala yoipa mpaka iwo aifune.

Wa Njinga Yobwereka:
Aphunzitsi mwandikhudza pamtima. Ine kulakwa ndikuona kuti mwina ndalakwa, koma nanenso ndili ndi zanga. Maphunziro a tabuleti anali a masiku angapo ku boma. Anapita iwo, alawansi analandira iwo, pobwera anangondipatsa kathumba kuti "ana inu ndi zanu izi." Ndinaphunzira ndekha usiku. Bandulo ikatha ndimagula ya m'thumba mwanga. Pamaso pa amayi amanditchula kuti "iwe mwana", kundituma kukatunga madzi osamba m'manja. Ndili ndi mkazi ndi mwana ine. Amayi a m'mudzi akandipeza ndekha amafunsa kuti adokotala ali kuti, ngati ine ndine wowanyamulira chikwama. Ulemu umayenda mbali imodzi yokha?

Kalaliki wa Manambala:
Ndi zimene ndikunenazo. Ku maphunziro ndi akuluakulu, ku ntchito ndi ana. Mayina opita ku maphunziro akamalembedwa amayambira pamwamba kutsika, koma tabuleti ikavuta amayambira pansi kukwera.

Wopuma wa ku Tengani:
Za alawansi sindikana, zimachitika, ndipo nanenso ndinadyapo. Koma mumvetse mtima wa munthu wamkulu. Ntchito ino inachokera kwa anthu amene ankathandiza pa mliri wa kolera m'ma 1970, oyenda wapansi ndi ndowa ya mankhwala. Makiliniki a m'mudzi atayamba cha m'ma 2008 tinaphunzira kuwerenga mpweya wa mwana ndi kawotchi, 50 pa mphindi kwa wosakwana chaka, 40 kwa wopitirira chaka. Munthu wachita zimenezo zaka zonsezi, mudzi wonse umamudziwa. Lero akumupatsa galasi loti akalikhudza molakwika limathawa, zilembo zake ngati nyerere, Chingerezi chokhachokha, ndiye alakwitse pamaso pa mwana woti angamubereke. Akamati maso, nthawi zina ndi masodi. Nthawi zambiri ndi manyazi. Ine ndinaphunzira kutumiza uthenga pa foni kwa mdzukulu wanga titatseka chitseko.

Ndipo kaundula musamunyoze. Namondwe wa Ana atagumula ku Kapichira mu Januwale 2022 tinakhala mumdima, matabuleti onse anali ngati mbale. Ntchito inayenda ndi pepala.

Kalaliki wa Manambala:
Nanga Freddy mu Malichi 2023? Makaundula angati anasanduka phala m'nyumba za alangizi? Ine ndinaona ndi maso anga akuyanika mapepala pa mchenga, inki itayenderera, dzina la mwana osawerengeka. Zimene zinali zitatumizidwa kale mpaka lero zilipo. Pepala nalonso lili ndi mdani wake, ndipo kuno kuchigwa mdaniyo amabwera pafupifupi dzinja lililonse. Osanenanso chiswe.

Wopuma wa ku Tengani:
Pamenepo wandigwira, sinditsutsa.

Mai a Mapasa:
Pepani ndilowerere, ine si wa zaumoyo, ndine kholo chabe. Ife kusikelo timaona zonse. Tikaona alangizi awiri sakuyankhulana timadziwa. Ndipo ndinene mosabisa, mwana wanga akadwala ndimafuna amene amuyang'ane mwanayo, osati amene akuyang'ana pagalasi n'kumandifunsa tsiku lobadwa katatu. Koma tsiku lina kabuku ka kusikelo katanyowa, ndi mnyamata wa tabuleti amene anandipezera kuti katemera watsala uti. Ndiye musatiuze kuti tisankhe.

Wa Njinga Yobwereka:
Ndabwera. Mayi Siniya, munalosera. Ndafufuza kamtsikana kena kamene ndikukumbukira kuti kanasanza pa nsapato yanga Lachisanu lija. Kalimo, koma tsiku lake likuonetsa Januwale. Ndayang'ana onse a tsiku limenelo, alipo 11 oyezedwa malungo, onse ali mu Januwale. 44 kuphatikiza 11 ndi 55. Atsala 6, amene mwina ndi a usiku aja. Manyazi andigwira moti nsima sinalowe.

Mayi Siniya:
Musasinthe masiku amenewo mwakachetechete ngati mukubisa mlandu. Muwauze a siniya anu ndi a kalaliki a pachipatala kuti zinachitika n'zakuti, akuuzeni kakonzedwe kake, chifukwa ngati zinatumizidwa kale ndiye kuti Januwale wanu wanenepa ndi ana 11 amene sanali ake. Ndipo musawalowetsenso kachiwiri pofuna kuti Okutobala akwane, mudzakhala ndi mwana mmodzi wodwala kawiri.

Tsopano za bambo aja. Munawachititsa manyazi pagulu, ndiye kupepesa kwa kuseri kokha sikukwana. Yambani kunyumba kwawo, madzulo, osati pa foni, osati pa uthenga. Tabuleti muisiye m'chikwama, musalowe nayo m'manja ngati mwabwera ndi umboni. Mukapereka moni n'kukhala pansi munene mwachidule kuti bambo ndinalakwitsa ndine, nambala yanu inali yoona, makina anasokoneza tsiku. Za alawansi ndi za "iwe mwana" tsiku limenelo ayi. Kenako pa msonkhano wotsatira, pamaso pa omwe anaseka aja, muimirire munene kuti 61 ija inali yolondola. Mawu awiri okha. Mukatero kaundula adzatuluka yekha m'chikwama.

A 6 otsalawo muwapemphe kuti akuwerengereni okha. Iwo agwire kaundula, inu tabuleti. Ine kwanga ndinakhazikitsa kuti Lachisanu lililonse tikatseka, awiriwo akhale mphindi 20, wina akutchula dzina wina akuyankha kuti alimo, kenako awerenge zoyezera ndi LA zotsala m'bokosi. Kusiyana kwa sabata imodzi kumapezeka msanga, anthu akadakumbukira nkhope. Kwa mwezi wathunthu ndi kumene kumabala mawu ngati anu aja.

Kalaliki wa Manambala:
Chabwino, pa 61 ndagonja. Koma mayi, mwamupatsa mnyamatayu ntchito yonse: apepese kunyumba, apepese pagulu, atchaje, agule bandulo. Madalawo achite chiyani? Akapuma ntchito mawa kapena mnyamatayu akasamutsidwa, tabuleti idzagwidwa ndi ndani? Komanso kulowa ndi pasiwedi ya munthu wina n'kolakwika. Chilichonse chimene mnyamatayu walakwitsa chikulembedwa m'dzina la madala, ndipo chimene wachita bwino chikupitanso kwa madala.

Mayi Siniya:
Zoona zimenezo, ndipo ndi ntchito ya siniya wawo, si ya mnyamatayu. Wamng'ono sangauze wamkulu kuti phunzirani, zimamveka ngati mwano ngakhale atanena mogwada. Ine ndimawauza ndekha akuluakulu anzanga, ndipo ndimayamba ndi chinthu chimodzi: kufufuza dzina la mwana basi. Sabata yotsatira kulowetsa mmodzi, pasakhale amayi oonerera. Zilembo zimakulitsidwa pa Font size, ambiri sadziwa, ndipo ena "maso" aja amathera pomwepo. Koma ndisaname, alipo awiri amene ndalephera nawo mpaka lero. Mmodzi anandiuza kuti watsala ndi zaka ziwiri, ndimusiye afe ndi bolopeni yake.

Mphunzitsi wa Sitandade 5:
Nanga za kumutchula "iwe mwana" pamaso pa anthu, zimenezo zingotha choncho?

Wopuma wa ku Tengani:
Zimenezo adzanene patapita nthawi, mtima utazizira, ndipo adzere kwa munthu wina wamkulu, kaya wapampando wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kungoti mwana wanga, dzina la udokotala m'mudzi salipereka ndi madalawo. Amayi adzayamba kukufunsa iweyo tsiku limene udzadzuke usiku. Bwanji osapeza nyumba m'mudzi momwemo?

Wa Njinga Yobwereka:
Ndikasamukira m'mudzi tabuleti ndizitchaja kuti, bambo? Ndiye tibwereranso ku Januwale.

Wa Sola pa Nchalo:
Ndinanena ine.

Wa Njinga Yobwereka:
Ndapitako dzulo madzulo monga munanenera. Ndinawapeza akusenda chimanga cha kudimba. Anandisiya ndiyankhule mpaka kumaliza, kenako anati, "Wadya?" Anatulutsa kaundula okha. A usiku analipodi 6, ndipo pambali pa dzina lililonse anajambula kamwezi kakang'ono ndi bolopeni yofiira, chizindikiro chawo cha ana obwera usiku. Chaka chonse ndi theka ndakhala pambali pa kaundula ameneyu osadziwa tanthauzo la timiyezi timeneto. Potsanzikana anati takhuta, koma anawonjeza kuti "uzifunsa, iwe mwana."

Koma pali china chimene chandisowetsa tulo. Tikuwerenga ndinaona kuti ana opezeka ndi malungo ndi 38. Nditawerengera LA monga munandiphunzitsira pa zoyezera, mapaketi otuluka m'bokosi ndi 41. Atatu sakuoneka m'kaundula kapena mu tabuleti. Sindinanene kanthu, ndinangotseka pakamwa.

Kalaliki wa Manambala:
Ehee. Mboni yachitatu ija yayambanso kuyankhula. Kapena anapatsa ana osayeza, kungogwira pamphumi, kapena anathandiza wachibale wamkulu. Zonsezo n'zosaloledwa. Ukasaina nawo lipoti limenelo mlandu ndi wakonso.

Namwino wa Usiku:
Musathamange a Kalaliki, mwagwa kale kamodzi sabata ino. Mwana akasanza mankhwala asanathe mphindi 30 timabwereza, ndiye paketi ina imatsegulidwa. Mwinanso mapaketi a ana okulirapo anatha, n'kuphatikiza awiri aang'ono kupatsa mwana mmodzi wa zaka 4. Pamenepo m'bokosi mwatuluka awiri, m'kaundula mwana ndi mmodzi. Achimwene, munawerenga mitundu iwiriyo payokhapayokha kapena munangophatikiza?

Wa Njinga Yobwereka:
Ndinangophatikiza. Bokosi lili kwa iwo, ndikaliona Lachisanu. Koma lipoti likufunika Lachinayi, ndipo pofunika kusaina pali mizere iwiri.

Mayi Siniya:
Pitani mawa m'mawa, musadikire Lachisanu. Mukawafunse kuti akuphunzitseni mmene amalembera LA akaphatikiza mapaketi. Mukamve kaye chimene anene, kenako mutiuze.